Makina oyankha pa foni: mau ake amalembedwa ndi anthu, tiwalembe bwino

Aliyense amene anatumizako ndalama pa foni analankhulapo kale ndi makina. Mumadina manambala, foni imakuonetsani mndandanda, mumasankha 1 kapena 2, ndipo imakufunsani cina. Kuseri kulibe kalaliki amene wakhala pa mpando kukuyembekezani. Mafunso onse aja ndi mayankho ake analembedwa kale ndi anthu, ndipo makinawo amangotsata njira imene anawalembera. Tsopano magulu a alimi, mabungwe ndi zipatala nawonso afuna makina otere, amene acinyamata amawacha chatiboti, kuti aziyankha anthu pa SMS ndi pa WhatsApp. Mu Kabwe muno nkhaniyi ifika pa makomiti athu a makopaletivu, ndipo ikafika tisaisiyire mnyamata wodziwa kompyuta yekha. Iye adziwa kulumikiza. Koma mau amene agogo a ku Makululu adzawerenga pa foni yao afunika kulembedwa ndi anthu odziwa kulankhula ndi agogo.

Zinthuzi sizinayambe lero. Mu Disembala 2012, bungwe la UNICEF pamodzi ndi National AIDS Council anayambitsa U-Report muno m'Zambia. Wacinyamata anali kutumiza liu lakuti JOIN ku nambala 878, makina n'kumufunsa mafunso ocepa olembetsera, ndipo mafunso ake okhudza kacilombo ka HIV anali kuyankhidwa ndi alangizi, anthu enieni. Ku Malawi, mu 2024, bungwe la Opportunity International linayesa makina ochedwa Ulangizi, oyankha alimi pa WhatsApp m'Cicewa ndi m'Cingerezi. Mayankho ake anali kucokera m'buku la malangizo a ulimi la unduna wa zamalimidwe wa dzikolo, ndipo popeza alimi ambiri alibe mafoni akuluakulu, foni inali m'manja mwa mlimi mnzao wophunzitsidwa amene anali kufunsira anzake. Ulangizi ndi wa mtundu wa makina amene amapanga okha ziganizo. Ife pano tikamba za mtundu wosavuta, umene gulu laling'ono lingakwanitse: makina a mndandanda, amene sanena liu limene sitinawalembere.

Tiyeni tiyerekeze kuti gulu la alimi a cimanga a kuno lifuna makina ake, ndipo tiwamange kuyambira pa khomo.

Moni ndiwo msampha woyamba

Kwathu munthu sayamba nkhani asanapereke moni, ndipo aliyense pa komiti adzanena kuti uthenga woyamba ukhale "Muli bwanji?" Apa ndi pamene ambiri amagwera. "Muli bwanji" ndi funso, ndipo munthu woleredwa bwino amaliyankha. Adzalemba kuti "Ndili bwino, kaya inu." Makina amene anali kuyembekeza 1 kapena 2 adzaona mau osawadziwa ndi kumuuza kuti walakwa. Munthu wapereka ulemu, wabwezeredwa cidzudzulo, ndipo kukambirana kusanayambe n'komwe wakhumudwa kale.

Njira zilipo ziwiri. Mungasiye funsolo ndi kuwaphunzitsa makina kuti ciliconse cimene munthu ayankhe pa sitepe imeneyi acilandire, anene "Tili bwino, zikomo," ndi kupitiriza. Koma uthenga uliwonse wa SMS ndi ndalama, ndiponso makina onena kuti ali bwino ayamba kale kunamizira umunthu. Ife tiona kuti njira yaciwiri iposa: moni wosafunsa kanthu. "Takulandirani" ndi ulemu wokwanira, ndipo safuna yankho. Apewanso vuto la nthawi. "Mwauka bwanji" ndi wa m'mawa, "Mwacoma bwanji" ndi wa kumasana ndi madzulo, ndipo makompyuta ambiri amene makinawa amakhalamo amayendera nthawi ya ku Greenwich, imene ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola awiri. Wolumikiza akaiwala kukonza zimenezi, makina adzafunsa munthu mmene wadzukira dzuwa lili pamutu.

Uthenga woyamba wa gulu lathu ungakhale uwu:

```
Takulandirani. Awa ndi makina oyankha a gulu la alimi, si munthu.
Welcome. This is the farmers' group machine, not a person.
1. Cinyanja
2. English
```

Taonani kuti makina adziulula msanga kuti si munthu. Tikabisa zimenezi, mai wina adzalemba nkhani yonse ya ngongole yake ndi matenda a mwana, poganiza kuti mlembi wa gulu akuwerenga. Taonaninso kuti uwu ndi uthenga wokhawo umene uli m'zilankhulo ziwiri. Munthu akasankha, makina asunge cisankho cake pa nambala yake ya foni, kuti mawa asamufunsenso.

Wina adzati, nanga Cibemba, poti mu Kabwe ndico cimamveka kwambiri pa msika? Funso labwino, ndipo malo a mzere wacitatu alipo. Koma musaike "3. Icibemba" pa khomo ngati zipinda zonse za mkati sizinalembedwe m'Cibemba. Kuitana munthu m'cilankhulo cake ndi kumuyankha m'Cingerezi pa sitepe yacitatu n'koipa kuposa kusamuitana.

Za ulemu, lamulo ndi limodzi: "inu" paliponse. Cingerezi cili ndi liu limodzi la "iwe" ndi "inu", motero mau akayamba kulembedwa m'Cingerezi ndi kutembenuzidwa mothamanga, mumapeza "Sankha" ndi "Lemba dzina lako" pa foni ya munthu wa imvi. Zikhale "Sankhani" ndi "Lembani dzina lanu". Ndipo makina asayese kunena "bambo" kapena "mai", cifukwa sadziwa amene wagwira foni. M'nyumba zambiri foni ndi imodzi, ndipo lero ili ndi atate, mawa ndi mdzukulu. N'cifukwa cake timati mau a Cinyanja alembedwe payokha ndi a Cingerezi payokha, zofanana zikhale manambala cabe: cimene cili 2 kuno cikhale 2 uko.

Mndandanda, ndi kuwerenga zilembo

Munthu wasankha 1. Tsopano aone izi:

```
Zikomo. Mufuna thandizo lotani?
1. Feteleza ndi mbeu
2. Tizilombo m'munda
3. Kugulitsa zokolola
4. Kulankhula ndi munthu
0. Kubwerera
```

Zosankha ndi zocepa dala. Mndandanda suyenera kutsata maofesi a gulu, monga "nthambi ya zogula" ndi "nthambi ya malonda", koma zimene mlimi amabwera nazo pa khomo la mlembi. Njira yozidziwira ndi yakale: mlembi alembe m'kope mafunso onse amene afunsidwa kwa mwezi umodzi, ndipo atatu obwera kawirikawiri ndiwo alowe. Nambala 0 ikhale yobwerera pa sitepe iliyonse, isasinthe.

Tsopano kuwerenga. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160, kuwerengera mipata ndi podumphira mzere. Mndandanda uli pamwambawu uli ndi zilembo 133, motero ukwana. Koma pali cinsinsi cimene cimadya ndalama za magulu osadziwa. Zilembo 160 zimenezo ndi za gulu la zilembo wamba zimene mafoni anapangidwira. Mukaikamo cilembo cimodzi cokha ca kunja kwa gululo, uthenga wonse umasintha kalembedwe ndipo umanyamula zilembo 70 cabe. Cilembo ca ŵ, cija ca kadenga cimene ena amalemba mu "Malaŵi", ndi cimodzi mwa zotere. Cina ndi kacizindikiro ka mu "m'munda". Kowongoka kalibe vuto, koma pulogalamu yolembera makalata pa kompyuta imakapinda yokha, ndipo kopindikako n'kakunja. Mndandanda wathu ukakopedwa kucokera m'kalata yotere udzapita ngati mauthenga awiri m'malo mwa umodzi. Gulu la anthu 300 lidzalipira mauthenga 600 popanda wodziwa cifukwa. Cizindikiro cake n'cakuti ndalama za mauthenga zikutha mwamsanga kawiri kuposa mmene munawerengera.

Pa WhatsApp malire ndi ena. Uthenga ungakhale ndi mabatani atatu okha, ndipo mau a pa batani asapose zilembo 20. Zosankha zikaposa zitatu mumagwiritsa nchito mndandanda wotsika, umene umalola mizere 10. Apa Cinyanja cimatipanikiza, cifukwa mau athu ndi aatali. "Talk to a person" ndi zilembo 16, koma "Kulankhula ndi munthu" ndi 21, ndipo batani lidzakana cifukwa ca cilembo cimodzi. Musadule liu pakati. Pezani kanenedwe kena: "Ndifuna munthu" ndi zilembo 14, ndipo ndi mmene munthu wotopa amanenera.

Tiyende ndi mlimi mmodzi

Tinene kuti mlimi wina wa ku Mukobeko wasankha 1, ndiyeno wasankha feteleza wa cimanga. Makina afunse cinthu cimodzi pa nthawi imodzi: "Munda wanu ndi malima angati? Lembani nambala, monga 2." Lima, monga tidziwa, ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala. Langizo lozolowereka la cimanga ndi thumba limodzi la makilogalamu 50 la D Kompaundi ndi limodzi la yureya pa lima iliyonse, ngakhale mlangizi wa dera lanu angasinthe malinga ndi nthaka. Iye ndiye avomereze manambala asanalowe m'makina.

Mlimi wathu sadzalemba 3 yekha. Adzalemba "malima 3", kapena "atatu", kapena "3 lima". Makina aphunzitsidwe kutola nambala pakati pa mau ena, ndi kudziwa mau a manambala ang'onoang'ono: imodzi, awiri, atatu, anai, asanu. Pulogalamu ya RapidPro, imene UNICEF inatulutsa mu 2014 ndipo aliyense angaigwiritse nchito, ili ndi muyeso wokonzeka wa zimenezi wochedwa "has a number between", umene umalandira nambala yokhayo ili pakati pa malire amene mwaika. Ikani malire, tinene 1 mpaka 40. Wolemba 500 mwina waganiza kuti afunsidwa ndalama.

Coopsa ceniceni ndi munthu wowerengera munda wake m'mahekitala. Ali ndi mahekitala atatu, walemba 3, makina amuuza matumba atatu ndi atatu, pamene afunika 12 ndi 12. Palibe liu lolakwika limene laoneka pa foni, koma munthu wagula gawo limodzi mwa magawo anai a feteleza wofunika, ndipo adzadziwa cimanga cikayamba kucita cikasu. Mankhwala ake ndi kubwereza zimene makina amva asanapereke yankho:

```
Mwati malima 3, osati mahekitala. Ndi tero?
1. Inde, malima
2. Ai, mahekitala
```

Uthenga umodzi woonjezera umenewu ndi wochipa kuposa munda. Paliponse pamene yankho lidzapangitsa munthu kutulutsa ndalama kapena kuyenda ulendo, makina abwereze.

Ngakhale pa funso la inde kapena ai, anthu adzayankha ndi pakamwa pao: ee, eya, inde, ai, iai, ayi, awe. Onsewa alembedwe. Pano pa Kabwe onjezani kusamala ndi "iyo", amene kwa Mbemba ndi kukana, pamene kwa ife ndi kuloza cinthu. Ndipo makina aziyang'ana liu lathunthu. Akamafunafuna zilembo za "ai" mkati mwa mau ena, adzazipeza mu "mai" ndi kuganiza kuti munthu wakana.

Pamene makina sanamve

Apa ndi pamene makina abwino amasiyanirana ndi oipa. Anthu ambiri sadzatsata manambala. Adzalemba zimene zili kumtima, ndipo wolumikiza adzafuna kuwagwira ndi mau ofunika: akaona "feteleza" apite ku 1, akaona "mbozi" apite ku 2. Zimathandiza, koma cilankhulo cathu cili ndi mbuna zake. Wina alemba "cimanga", wina wophunzira kalembedwe ka ku Malawi alemba "chimanga". Wina "feteleza", wina "fetereza", wina "fataleza". "Kugula" ndi "kugulitsa" ayamba mofanana koma apita kosiyana. Ndipo "mtengo" ndiye mfumu ya zosokoneza: wofunsa mtengo wa cimanga afuna za msika, wonena kuti mtengo wake wa mango wagwidwa tizilombo afuna za m'munda. Liu lotere lisatsegule khomo lililonse palokha. Makina afunse kuti, "Mukamba za mtengo wogulitsira, kapena mtengo womera?"

Zonse zikalephera, pamafunika yankho la pamene makina sanamve. Mu RapidPro, pa funso lililonse pamakhala njira yochedwa "Other", mmene mumagwera mayankho onse osadziwika. Ikasiyidwa yosalumikiza, kukambirana kumathera pomwepo ndipo makina amangoti zii. Munthu aganiza kuti uthenga sunapite, atumizanso, ndi kutumizanso. Ena amailumikiza ku mau a Cingerezi akuti "Invalid input", amene kwa agogo samveka, ndipo kwa womva Cingerezi ndi mwano.

Ife tilangiza masitepe atatu, ndipo makina aziwerenga kuti alephera kangati motsatizana. Koyamba apepese, ndi kusenza okha kulepherako: "Pepani, sitinamve bwino. Lembani nambala imodzi cabe, monga 1." Ndipo mndandanda uonekenso, cifukwa pa foni yaing'ono munthu sangathe kuuona uthenga wakale uku akulemba. Kaciwiri asabwereze mau omwewo. Munthu amene sanamve koyamba sadzamva cifukwa mwanena kawiri. Acepetse zosankha: "Pepani, makinawa amamva manambala okha. Lembani 0 kuti tiyambenso, kapena 4 kuti mulankhule ndi munthu." Onjezani mzere umodzi wa Cingerezi wonena kuti wofuna Cingerezi alembe 9, cifukwa nthawi zina vuto n'lakuti munthu anadina cilankhulo colakwika pa khomo. Kacitatu makina aleke kuyesa. Anene kuti uthenga waperekedwa kwa mlembi, ndi tsiku limene ayankhe.

Lonjezo limeneli likhale loona. Ngati mlembi amayang'ana mauthenga Lolemba ndi Lacinai cabe, makina anene tero, asanene kuti "posacedwa". Pa WhatsApp pali cina coti komiti idziwe: gulu lingayankhe munthu momasuka mkati mwa maola 24 kucokera pa uthenga wake womaliza. Nthawiyo ikapita, lingamutumizire uthenga wa mtundu wovomerezedwa kale ndi eni WhatsApp basi. Motero mlembi woyankha pa tsiku lacitatu afunika kukhala ndi uthenga wotere wokonzeka, apo ai yankho lake silidzacoka.

Pali mau ena amene sayenera kudikira masitepe atatu. Liu lakuti "mankhwala" kwa ife ndi la kucipatala ndiponso la m'munda, ndipo m'nyumba za alimi mabotolo a mankhwala a mbozi amakhala pafupi ndi ana. Tsiku lina munthu adzalemba kuti "mwana wamwa mankhwala". Makina ogwira liu lakuti mankhwala adzamuonetsa mndandanda wa tizilombo. Motero pakhale mau ocepa, monga "wamwa", "wameza", "poizoni", "wakomoka", amene makina amayang'ana coyamba pa sitepe iliyonse, asanayang'ane cina. Akawaona, yankho likhale limodzi: pitani naye ku cipatala capafupi tsopano lino, tengani botolo la mankhwalawo, musamusanzitse, musadikire yankho pano. Nthawi zina uthengawu udzapita kwa munthu amene anangonena kuti mbeu zamwa madzi. Zimenezo tingapirire.

Nanga "zikomo"? Munthu akalandira yankho lake adzathokoza, ndipo makina osaphunzitsidwa adzamuyankha kuti sanamve. Koma "zikomo" yemweyo ndi amene timagogodera pa khomo. Akabwera pa ciyambi, makina apereke moni ndi mndandanda. Akabwera pambuyo pa yankho, anene "Zikomo, mulime bwino," ndi kukhala cete.

Kuyesa tisanalengeze

Makinawa ayesedwe pa pepala asanalowe m'kompyuta. Lembani uthenga uliwonse pa kakhadi kake. Mmodzi akhale makina: aonetse khadi, asalankhule, asathandize ndi nkhope. Itanani anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene sanakhale nao pa kulemba, pakhale okalamba ndi amai, ndipo muwapatse nchito, monga kupeza matumba a feteleza a munda wao. Pamene munthu waima ndi kuyang'ana mnzake, pamenepo pali vuto la mau. Makhadi amakonzeka ndi pensulo.

Akayamba kugwira nchito, mauthenga onse ogwera mu "Other" asungidwe, ndipo anthu awiri a komiti aziwawerenga sabata iliyonse. Mmenemo ndi mmene mudzapeza kalembedwe kamene simunaganizire, ndi mafunso amene mndandanda ulibe. Mukaona kuti mwa anthu khumi ofika pa funso lina, atatu kapena anai akugwera mmenemo, musanene kuti alimi samva. Funsolo lilembedwenso. Mukaona anthu ambiri akufunsa za tsiku limene Food Reserve Agency iyamba kugula, ndiye kuti nyengo yasintha ndipo nambala 1 ya mwezi wa Novembala siyenera kukhala nambala 1 ya mwezi wa Julai.

Powerenga mauthengawa mudzaona manambala a foni ndi nkhani za m'nyumba za anthu. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2021, ndipo gulu losunga maina ndi manambala likhudzidwa nalo. Makina asafunse nambala ya citupa ca registireshoni ngati nchito yake ndi kuwerengera matumba cabe, ndipo asafunse konse nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni. Ndi bwino kuti pa uthenga wotsanzika azinena poyera kuti gulu silidzafunsa nambala imeneyo, cifukwa akuba amadziwa kutengera moni wa gulu lililonse, ndipo tsiku lina mamembala adzalandira "Takulandirani" wocokera ku nambala ina.